Kodi Mpali ndiyambire pati?

Funso: Ndimakhala ku Mwami. Anzanga pamsika sasiya kukamba za sewero la Mpali la pa Zambezi Magic. Mwana wanga anandipezera zigawo zoyambirira, koma zikuoneka zachikale ndipo nkhani ikuyenda pang'onopang'ono. Kodi ndingodumphira za masiku ano? Mayi wa ku Mwami.

Yankho: Mayi, musadumphe zonse. Masewero ena, monga Tikuferanji wa kutsidya ku Malawi, mutha kuwayambira paliponse poti nkhani yake sichedwa kutha. Mpali, yomwe inayamba mu 2018, ndi yolukanalukana. Mkangano wa lero mizu yake ili kumbuyo.

Phata la seweroli ndi mitala ya a Nguzu pa famu yawo, ndipo pa mitala chachikulu n'kudziwa amene analowa poyamba. Ngati simunamuone Junza ali pa udindo wake wa mkazi wamkulu, simungamvetse chifukwa chimene mawu amodzi a mkazi wamng'ono amamupwetekera chotero. Choncho pirirani ndi zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoyambirira, kufikira mutadziwa mkazi aliyense ndi malo ake pabanjapo. Zithunzi zisakudetseni nkhawa, maso amazolowera msanga.

Mukatero dumphani, koma mukatere pamene nyengo yatsopano ya seweroli ikuyambira, osati pakati. Mukaonera zigawo ziwiri osamvetsabe chimene anthu awiri akudanirana, ndiye kuti mwadumpha kwambiri. Bwererani kumapeto a nyengo yapitayo. Anzanuwo muwapemphe asakuuzeni mathero.