Kupempha Mkulu Kuti Akulangizeni: Mafunso ndi Mayankho kwa Aphunzitsi Atsopano

Ife a bungwe la aphunzitsi talemba kabukuka chifukwa achinyamata ambiri amene angolowa kumene m'ntchitoyi atidandaulira kuti amaopa kuyandikira akuluakulu, poganiza kuti aoneka amwano kapena olemetsa.

Kodi mlangizi ndani?

Ndi mphunzitsi mnzanu wokhwima pantchito, amene amakuongolerani mwa kufuna kwake.

Ndiyambe bwanji kuti ndisaoneke wokakamiza?

Musayambe ndi mawu akuti "mukhale mlangizi wanga," pakuti mkulu amene ali ndi kalasi yake, makope osachonga ndi banja lomudikira, akamva pempho lopanda malire chotere, amaona goli limene sadziwa tsiku lolivula. Pemphani chinthu chimodzi chokha, chotheka msanga. Ngati, mwachitsanzo, ana anu a Sitandade 5 akulephera masamu ogawa, dikirani ana ataweruka, ndipo pakakhala popanda anthu, mutapereka moni, munene kuti: "Mayi, ana anga akusokonezeka pa kugawa, ndipo ndamva kuti anu amakhoza. Kodi mungandilole ndidzakhale kumbuyo kwa kalasi yanu pa phunziro limodzi, tsiku limene inu mungasankhe? Ngati sabata ino yakuthinani, ndidikira." Mwatchula vuto, mwaika malire, ndipo mwawasiyira khomo lokanira popanda manyazi.

Akandithandiza kamodzi, kubwereranso si kuwatopetsa?

Chimene chimatopetsa akulu ndi uphungu wotayika. Yesani zimene mwaona, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mubwerere ndi makope a ana, muwaonetse pamene zayenda ndi pamene zakanika. Mukatero kawiri kapena katatu, ndipo iwo akayamba kukufunsani okha za kalasi yanu, pamenepo mutha kupempha mphindi 20 kamodzi pa mwezi kufikira teremu itatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi pali cholipira?

Mwa chizolowezi palibe. Kamphatso kothokoza pakutha pa teremu sikoipa, komabe tichenjeze kuti mphatso yotsogolera pempho, makamaka kwa amene ali ndi mawu pa za kukwezedwa kwanu, ingathe kuoneka ngati chiphuphu.

Nanga akakana?

Kawirikawiri mkulu sanena "iyayi." Akati "tiona" kawiri osatchula tsiku, wayankha ndithu, thokozani, ndipo moni wa m'mawa usasinthe.

Koma anzanga sadzati ndikudzigula kwa akuluakulu?

Funsoli limatifikira kawirikawiri, ndipo sitingalonjeze kuti pakamwa pa anthu padzatsekeka. Miseche imachepa ngati mukumana poyera, m'kalasi kapena mu ofesi ya aphunzitsi, maka ngati wina ali mwamuna wina mkazi, ndiponso ngati mphunzitsi wamkulu wadziwitsidwa. Musapemphe mlangiziyo kuti akulankhulireni za kusamutsidwa kapena za nyumba ya pasukulu, chifukwa pamenepo m'pamene ambiri amayamba kudziona kuti agwiritsidwa ntchito.