Mutu wonse wa pulesha pa pepala limodzi

Mutu wa pulesha m'buku la Fizikisi ndi wautali, koma zimene mudzazifune pa mayeso a MSCE zikhoza kukwana pa tsamba limodzi.

Werengani kaye mutu wonse osalemba kanthu. Powerenga kachiwiri, chongani ndi pensulo matanthauzo ndi mafomula okha. Mukatero gawani pepala lanu patatu.

Pamwamba lembani matanthauzo. Akopereni m'Chingerezi liwu ndi liwu, chifukwa mayeso amalembedwa m'Chingerezi ndipo liwu limodzi likasowa malikisi amathawa. Pulesha ndi fosi yokankha molunjika pa sikweya mita imodzi. Mukadula mawu onena za sikweya mita pofuna kufupikitsa, chotsalacho ndi fosi chabe.

Pakati lembani mafomula, ndipo iliyonse ikhale ndi tanthauzo la zilembo zake, mayuniti ake ndi pamene imagwira ntchito. Fomula ya P = F/A imafuna F mu N ndi A mu m², ndipo yankho limatuluka mu Pa. Pambali pake lembani kuti 1 cm² = 0.0001 m², poti ambiri amagwera pamenepa. Njerwa yolemera 20 N itakhala pa malo a 200 cm², omwe ndi 0.02 m², imapereka 1,000 Pa. Woiwala kusintha yuniti amapeza 0.1, yankho lochepa kwambiri.

Fomula ya P = ρgh ndi ya zamadzimadzi. Chilembo cha h ndi kuya kochokera pamwamba pa madzi kutsika molunjika, osati mtunda wochokera kugombe. Fomulayi siwerengera mpweya umene uli pamwamba pa madziwo.

Pansi ikani chitsanzo chimodzi chowerengedwa mpaka kumapeto. Msodzi wa ku Senga Bay wamira mamita 5 kukakolola ukonde umene wakodwa pa mwala. Potenga ρ = 1,000 kg/m³ ndi g = 10 N/kg, tipeza P = 1,000 × 10 × 5 = 50,000 Pa. Funso likafuna pulesha yonse, onjezani ya mpweya, yomwe ndi pafupifupi 100,000 Pa, kuti mupeze 150,000 Pa.

Pomaliza liyeseni pepalalo. Koperani mafunso a kumapeto kwa mutu, tsekani buku, ndipo muwayankhe mothandizidwa ndi pepala lokhalo. Funso likakukanikani chifukwa chosowa tanthauzo kapena fomula, ndiye kuti mwadula chofunika, choncho chibwezereni. Malo akachepa, musachepetse zilembo. Fufutani mzere wofotokozera umene simunaugwiritse ntchito poyankha, koma tanthauzo, fomula ndi yuniti zisachoke.