Rilakisa ndi Meshi: Zimene Bokosi Likunena, Zimene Tsitsi Lanu Likufuna

Pashelefu pali mabokosi ambirimbiri a rilakisa. Ndiyambe kuyang'ana chiyani?

Siyani kaye chithunzi cha mayi wa tsitsi lonyezimira uja, tembenuzani bokosi muwerenge mndandanda wa zosakaniza. Dzina la kampani, kaya ndi Dark and Lovely, Sofn'free kapena ORS, silikuuzani zambiri, poti kampani imodzi imapanga mitundu ingapo. Chimene chimawongola tsitsi ndi mankhwala amodzi kapena awiri okha mumndandandamo.

Mukaona mawu akuti "Sodium Hydroxide", amenewo ndi mankhwala aja ambiri amawadziwa kuti kositiki soda. Rilakisa wotere amabwera m'kontena imodzi, sasakanizidwa ndi kanthu, amagwira msanga, ndipo ndi amene saluni zambiri zimagula m'makontena akuluakulu. Mukaona "No-Lye" kutsogolo, ndipo m'bokosi muli kirimu ndi kabotolo ka timadzi, nthawi zambiri kirimuyo amakhala ndi "Calcium Hydroxide" ndipo timadzito timakhala ndi "Guanidine Carbonate". Mphamvu yake imabadwa mukasakaniza ziwirizi. N'chifukwa chake zotsala zosakaniza kale sizisungidwa kuti mudzapake mwezi wamawa. Zimatayidwa tsiku lomwelo.

Ndiye kuti "No-Lye" sawotcha?

Amawotcha. Kungoti sathamangira kuwotcha khungu la m'mutu ngati mnzake uja, motero amayenera munthu wa khungu losachedwa kupsa komanso wodzipaka yekha kunyumba. Koma ali ndi vuto lake: amasiya kashiamu patsitsi, tsitsilo n'kumauma ndi kuzimirira pakapita milungu. Ngati mumachapa m'mutu ndi madzi a pamjigo aja osachita thovu bwino, kuumako kumawonjezeka. Mabokosi a ana, okhala ndi zithunzi za tiatsikana tomwetulira, nawonso amakhala ndi mankhwala a mtundu womwewu.

Pabokosi palembedwa "Mild", "Regular" kapena "Super". Langa ndi liti?

Apa ndi pamene tsitsi lambiri limathera. Munthu amafika m'shopu n'kunena kuti, "Langali ndi lolimba, chipeso chimachita kuthyoka, ndipatseni supa." Koma kuchuluka kwa tsitsi ndi kunenepa kwa tsitsi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mutu ungadzaze tsitsi lothithikana, lopotana kwambiri, lovuta kupesa, pamene lililonse palokha ndi lopyapyala. Mphamvu ya rilakisa imasankhidwa poyang'ana tsitsi limodzi, osati mutu wonse.

Tengani tsitsi limodzi pachipeso, muliike papepala loyera pambali pa ulusi wosokera. Ngati likuoneka movutikira ndipo simukulimva polipotokola pakati pa zala, ndi lopyapyala, lofuna "Mild". Ngati mukulimva koma ndi locheperapo kuposa ulusiwo, ndi lapakati, la "Regular" kapena "Normal". Lokhalo lonenepa moyandikira ulusi, lokhakhala m'zala, losachedwa kubwerera mwakale ukalipaka mankhwala, ndi limene linalemberedwa "Super" kapena "Coarse". Anthu a tsitsi lotere ndi ochepa kuyerekeza ndi amene amagula supa.

Kenako muganizire zimene tsitsilo ladutsamo. La dayi limatsika sitepe imodzi pamphamvu. La bulichi, lija loyeretsedwa kuti likhale lagolide, lisakhudzane ndi rilakisa n'komwe. Chimodzimodzinso lomwe linapakidwa mankhwala opotanitsa okhala ndi "Ammonium Thioglycolate": mitundu iwiriyi ikakumana patsitsi limodzi, tsitsi limaduka.

Mungapereke chitsanzo?

Tiyerekeze mayi amene anapaka rilakisa miyezi iwiri yapitayo, anaikanso dayi wofiirira, ndipo wamasula meshi dzulo. Tsitsi lake ndi lambiri, koma poliyesa ndi ulusi lapezeka kuti ndi lapakati. Popanda dayi akanagula "Regular"; chifukwa cha dayiyo, agule "Mild" kapena bokosi lolembedwa kuti ndi la tsitsi lopaka utoto.

Asapake lero. Khungu longomasulidwa kumene meshi limakhala ndi timabala tosaoneka, choncho adikire sabata, ndipo masiku angapo omalizawo asakande kapena kuchapa m'mutu. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye mayiyu ali ndi masentimita awiri a tsitsi latsopano kutsinde. Mankhwala apite pamenepo pokha. Kupaka mpaka kunsonga ndiko kuwongola kachiwiri tsitsi lowongoka kale, ndipo zotsatira zake ndi tsitsi lotamuka likanyowa, lothothokera paphewa tizidutswatizidutswa.

Ayambe wayesa pakachigawo kakang'ono kumbuyo kwa mutu. Apake vaselini m'mbali mwa mutu, m'makutu ndi pakhosi, wopakayo avale magolovesi. Nthawi aitenge papepala la m'bokosi, ndipo kuwerenga kumayamba pamene mankhwala akhudza tsitsi loyamba, osati pamene wamaliza mutu wonse. Kwa mitundu yambiri nthawi yonseyo siposa mphindi 20, ndipo tsitsi lopyapyala kapena la dayi limapatsidwa yocheperapo. Mawu aja akuti "pirirani pang'ono, ndiye kuti akugwira" musawamvere. Mukamva kuwotcha, khungu likupsa, tsukani.

Kashampu ka m'bokosi kali ndi ntchito yanji? Sopo wamba sangakwane?

Sangakwane. Kashampuko kamazimitsa mphamvu ya mankhwala otsalira, ndipo m'mabokosi ena thovu lake limasanduka lapinki ngati mankhwala akadalimo. Chapani mobwereza mpaka thovu liyere. Mukagula rilakisa wa m'kontena, amene sabwera ndi kanthu, mugulenso shampu yolembedwa "Neutralizing".

Ndingadziwe bwanji kuti bokosi si labwino?

Onani tsiku lothera ntchito ndi nambala ya gulu lopangidwira limodzi. Zikhalepo, zosafufutika, zosamatidwa kapepala kena pamwamba. Chivindikiro chikhale chomata, pepala la malangizo likhalemo. Kirimu wolekana, madzi pamwamba zolimba pansi, musamupake. Wopimidwa m'kabotolo kopanda dzina ndiye woopsa kwambiri, chifukwa simudziwa mtundu wake, mphamvu yake, ngakhale mphindi zake.

Nanga paketi ya meshi imawerengedwa bwanji?

Manambala aja ndi a mtundu: 1 ndi wakuda bii, 1B ndi wakuda wofanana ndi tsitsi la ambiri a ife, 2 ndi 4 ndi oderako, 27 ndi wonga uchi, 30 ndi 33 ndi ofiirira, 99J ndi wonga vinyo, 613 ndi woyererako kwambiri. Utali umalembedwa m'mainchesi, koma poti meshi amapindidwa pakati poluka, wa mainchesi 82 amalendewera pafupifupi theka lake. Dzina lakuti Kanekalon ndi la ulusi wopangidwa ndi kampani ya Kaneka ya ku Japan. Paketi ikanena kuti meshiyo amamangika ndi madzi otentha, nsonga zake zimatsekeka pongoziviika, osachita kuwotcha ndi kandulo. Ngati meshi watsopano amakuyabwani, muviikeni m'madzi othira viniga pang'ono, mutsukuluze, aume musanaluke.

Chofunika kwambiri ndi kulemera. Tsitsi lopyapyala kapena la rilakisa silinyamula meshi wautali wofika m'chiuno womangidwa pa titsitsi tochepa. Sankhani wamfupi ndi wopepuka, ndipo mukapaka rilakisa papite milungu iwiri musanaluke. Mukaona tiziphuphu m'mphepete mwa mphumi kapena mukulephera kugona ndi ululu usiku woyamba, bwererani kwa wolukayo akamasule mizere yakutsogolo. Tsitsi la pamenepo likazuka mobwerezabwereza kwa zaka, silimeranso.