Yambani Mwamumvetsa Wotsutsana Naye

Tiyerekeze kuti mukulemba chimangirizo chovomereza zoti khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ichotse mavenda mumsewu wa Malangalanga. Ophunzira ena amalemba kuti: "Mavenda amakana kuchoka chifukwa sakonda ukhondo." Palibe venda amene anganene zimenezi, choncho mukulimbana ndi mfundo yopeka nokha.

Konzani ndimeyo motere: "Mavenda amati malo mumsika ndi ochepa, ndipo ogula ambiri amapezeka pafupi ndi depoti ya mabasi. Nkhawayi ndi yomveka, pakuti chakudya cha ana awo chimadalira malonda a tsikulo. Komabe mankhwala a vutoli ndi kuwonjezera misika, chifukwa malonda akadzaza m'mbali mwa msewu, oyenda pansi amakankhidwira kumene kukudutsa magalimoto."

Mukamaliza dzifunseni: kodi venda atawerenga angavomere kuti mwamunenera zoona? Ngati sangavomere, lembaninso musanamuyankhe.