Phunziro: Kuunika kalata ya ku ofesi musanapereke pepala

Ana anga, lero sitilemba kalata yatsopano. Titenga kalata yolembedwa kale m'Chingerezi, tiiike patebulo, tiiunike monga amachitira wochonga mayeso. Pa mayeso a bungwe la ECZ, ophunzira ambiri amataya malikisi pa kalata ya ku ofesi ngakhale Chingerezi chawo chili bwino ndithu. Vuto n'lakuti akangolemba dzina lawo pansi amatseka pepala osabwereranso pamwamba. Ndikufuna kuti aliyense wa inu azitha kuchonga kalata yake yekha, ndipo njira yake ndi iyi: iwalani kuti mwalemba ndinu, khalani pampando wa munthu woilandira, ndipo muiwerenge kanayi, ulendo uliwonse mukufunafuna chinthu chimodzi chokha.

Nonse mwaonapo mmene amagwirira ntchito pa chipata cha malire cha pano pa Mwami, podutsa kupita ku Mchinji. Wantchito akalandira pasipoti sangoiyang'ana mwachisawawa. Amaona chithunzi, kenako dzina, kenako deti, kenako chidindo, chimodzichimodzi. Nanunso muzitero ndi kalata yanu: poyamba maonekedwe, kachiwiri cholinga, kachitatu kalankhulidwe, pomaliza mathero.

Funso limene tigwiritse ntchito ndi ili. Ndinu mlembi wa kalabu ya sayansi pasukulu panu. Lemberani kalata mkulu woyang'anira chipatala cha Mwami Adventist, kupempha chilolezo choti kalabu yanu ikacheze kumeneko ndi kuphunzira za ntchito ya unamwino. Tchulani tsiku, chiwerengero cha ophunzira, amene adzakuperekezeni, ndi chimene mukufuna kukaona. Tiyerekeze kuti mnzanu wina wayankha, ndipo yankho lake lili m'manja mwathu.

Kuwerenga koyamba musawerenge nkhani ayi. Ingoyendetsani chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, mukuwerenga ziwalo za kalata. Zilipo zisanu ndi zitatu: keyala ya wolemba, deti, keyala ya wolandira, malonje, mutu, thunthu, mawu otsanzika, ndi siginecha pamodzi ndi dzina. Kalata ya mnzathuyu ili ndi keyala imodzi yokha, yake. Pamenepo wochonga wadziwa kale kuti mwanayu wasokoneza kalata ya ku ofesi ndi kalata yopita kwa malume. Kalata ya ku ofesi imakhala ndi makeyala awiri chifukwa imadutsa m'manja ambiri isanafike kwa mwini wake, ndipo ikayankhidwa imasungidwa m'faelo. Keyala ya wolandira imayamba ndi udindo wake, chifukwa munthu atha kusamutsidwa koma udindo umatsala:

```
The Administrator,
Mwami Adventist Hospital,
Chipata.
```

Pakeyala yanu musalembe dzina lanu pamwamba. Malo a dzina ndi pansi pa siginecha. Ena amaika keyala yawo kudzanja lamanja, ena amandanditsa zonse kumanzere. Njira zonsezi n'zololedwa, koma mukasankha imodzi muitsate mpaka kumapeto. Chimodzimodzinso zizindikiro: ngati mwaika mpatuliro kumapeto kwa mzere uliwonse wa keyala yoyamba, muikenso pa yachiwiri, ngati simunaike, musaike konse. Deti lilembedwe lathunthu, monga "14th July, 2025", osati manambala okhaokha olekanitsidwa ndi timizere. Mutu ubwere pansi pa malonje, osati pamwamba pake, ndipo ukhale waufupi, wa zilembo zazikulu kapena wodulidwa mzere kunsi: "REQUEST FOR PERMISSION TO VISIT THE HOSPITAL". Mnzathuyu analemba mutu wakuti "LETTER". Mutu wotere suuza wolandira kalikonse, popeza iye akuona kale kuti wagwira kalata.

Kuwerenga kwachiwiri ndiko kofunika kuposa konse, choncho tikhalitsapo. Mkulu wa chipatala ali ndi odwala, antchito ndi misonkhano. Kalata yanu aipatsa mwina mphindi imodzi. Funso loti mudzifunse ndi ili: akawerenga ndime yoyamba yokha, adziwa kodi chimene ndikufuna? Mnzathuyu anayamba ndi kufotokoza kuti kalabu yawo inayamba liti, kuti amakonda sayansi, kuti chipatala cha Mwami n'chakale ndi chotchuka. Zonsezi n'zoona, koma pempho lenileni likupezeka m'ndime yachitatu. Tilikokere pamwamba. Chiganizo choyamba chikhale chotere: "I am writing on behalf of the Science Club to request permission to visit the hospital on Friday, 25th July, 2025." M'chiganizo chimodzi chomwechi wolandira wadziwa amene akulemba, chimene akufuna, ndi tsiku lake.

Kenako bwererani ku funso, muwerenge mfundo zimene lakupatsani. Pano zilipo zinayi. Tengani pensulo, muike kachizindikiro m'mbali mwa kalata pamene mfundo iliyonse yayankhidwa. Tsiku lilipo. Chiwerengero cha ophunzira, mnzathuyu walemba kuti "many pupils". Kodi mkulu wa chipatala akonzekera bwanji kulandira "ambiri"? Ophunzira 12 atha kuyenda pamodzi, koma 60 ayenera kugawidwa m'magulu ndi kupatsidwa anamwino angapo owatsogolera. Lembani nambala: ophunzira 25. Za owaperekeza sanatchule n'komwe, pamene palibe chipatala chingalandire gulu la ana opanda wamkulu. Onjezani kuti kudzakhala aphunzitsi awiri. Chimene akufuna kukaona walemba kuti "everything". Sankhani: kucheza ndi anamwino za maphunziro awo, ndi kuona mmene odwala amalembedwera akafika. Mfundo ikasowa, malikisi ake apita, ngakhale ziganizo zina zikhale zokoma chotani.

Muyeso wa cholinga ndi uwu: kodi wolandira angathe kuyankha kuti inde kapena ayi popanda kukulemberani kalata ina yofunsa mafunso? Ngati ayenera kufunsa kuti mubwera angati kapena nthawi yanji, kalata yanu sinamalize ntchito yake. Onaninso kuti ndime iliyonse yanyamula nkhani imodzi: yoyamba pempho, yachiwiri tsatanetsatane wa ulendo, yachitatu chifukwa chake, yomaliza chimene mukuyembekezera.

Kuwerenga kwachitatu n'kwa khutu. Werengani chamumtima ngati mukulankhula ndi munthuyo muofesi mwake. Ife kuno kwathu tinaleredwa kuti munthu wamkulu sumufikira ndi nkhani usanamulonjere, usanafunse za kunyumba ndi za ana. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo musausiye. Koma kalata ya ku ofesi ya Chingerezi imaonetsa ulemu mwa njira ina: posataya nthawi ya wolandira ndi posankha mawu odekha. N'chifukwa chake chiganizo cha mnzathu chakuti "How are you and your family? As for me I am fine" chiyenera kufufutidwa chonse. Mkuluyo simukumudziwa, ndipo za thanzi lanu sanafunse.

Pali maenje awiri pa kalankhulidwe, ndipo mnzathuyu wagwera monsemo. Loyamba ndi kulamula. Walemba kuti "You must reply before Friday." Wopempha salamula. Tikonze kuti "I would be grateful if you could reply by 21st July." Tsiku latchulidwabe, koma mwaulemu. Dzenje lachiwiri ndi kudzichepetsa kopitirira muyeso. Walemba kuti "I humbly beg on my bended knees." Mawu otere sawonjezera ulemu, amangochititsa wowerenga kuganiza kuti pempholo lilibe chifukwa chomveka. Pempho labwino limaima pa zifukwa zake. Mukatero sakani mawu odulidwa monga "I'm", "don't" ndi "can't", muwalembe athunthu. Sakaninso kalembedwe ka pafoni monga "pls" ndi "u", kamene kamalowa m'dzanja munthu osazindikira. Mfuuliro nawo ulibe malo m'kalata yotere.

Kuwerenga kwachinayi n'kwachidule, koma apa ndi pamene ambiri amapunthwa atafika kale pakhomo. Ikani chala chimodzi pa malonje, china pa mawu otsanzika, muone ngati zikugwirizana. Mukayamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam" kapena "Dear Sir/Madam", kutanthauza kuti simunatchule dzina la munthuyo, mumalize ndi "Yours faithfully". Mukayamba ndi dzina, monga "Dear Mr Banda", mumalize ndi "Yours sincerely". Mnzathuyu anayamba ndi "Dear Sir" n'kumaliza ndi "Your's Sincerely", ndipo m'mawu awiri okhawa muli zolakwa zitatu. Wasankha mawu osagwirizana ndi malonje. Waika kachizindikiro pakati pa r ndi s pomwe sipafunika kalikonse. Wayambanso mawu achiwiri ndi chilembo chachikulu, pamene chachikulu ndi Y yekha. Onetsetsaninso kalembedwe: "faithfully" ali ndi l awiri kumapeto, ndipo "sincerely" ali ndi e pakati pa r ndi l. Mathero oyenera akhale motere:

```
Yours faithfully,
```

Pansi pake musayine, pansi pa siginecha mulembe dzina lanu lonse momveka bwino, ndipo pansi pa dzina mulembe udindo umene mwalembera kalatayo, umene pano ndi "Secretary, Science Club". Siginecha imachitira umboni kuti kalata ndi yanu, dzina limathandiza woyankha kudziwa wolembera, udindo umasonyeza kuti mukuyankhulira gulu. Chiganizo chomaliza cha thunthu chikhale chimodzi chodekha, monga "I look forward to your response." Madalitso ataliatali ndi moni wopita kwa a kunyumba zisungireni kalata ya kwa agogo.

Mwina wina afunsa kuti nthawi ya zonsezi ichokera kuti m'chipinda cha mayeso. Mukazolowera, kuwerenga kanayi konseku sikupitirira mphindi zisanu, chifukwa koyamba ndi komaliza n'kongoyendetsa chala. Chofunika n'kusiya mphindizo dala musanayambe kulemba. Mukapeza cholakwa, dulani mzere umodzi woongoka ndi kulemba chokonza pamwamba pake moyera. Musadetse pepala ndi kufufuta kosatha. Mukapeza kuti mfundo yathunthu yasowa, ilembeni pamene pali mpata ndi kuonetsa ndi kachizindikiro malo amene iyenera kulowa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zolakwa za m'kalata yako umaziona pokhapokha ukadekha.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Aliyense alembe yekha kalata yopita kwa mkulu wa chipatala, kuyankha funso lomweli. Mawa musinthane makope ndi mnzanu wa pambali, muchongerane motsata maulendo anayi aja, ndipo pansi pa kalata ya mnzanu mulembe yankho la funso limodzi: mukanakhala mkulu wa chipatala, mukanatha kuvomera kapena kukana popanda kufunsanso kanthu? Kalata imene yankho lake ndi ayi ilembedwenso isanafike patebulo langa.