Kukongola ndalama kwa mnzako: momwe pempho limayendera kuti chibwenzi chisaonongeke

Ku Area 15 mu Lilongwe anthu amakhala m'mipanda, ndipo mageti amatsekedwa dzuwa likangolowa, koma mavuto a ndalama amalowamo ndithu. Ambiri okhala kuno ndi a pantchito zolipidwa pamwezi, ena ku Capital Hill, ena m'mabanki ndi m'mabungwe a ku City Centre. Januwale akafika, fizi ya ana, lendi ndi mayunitsi a ESCOM zimakumana pakhomo limodzi malipiro a Disembala atatha kale. Wokhala m'dera lotere amachita manyazi kupempha, chifukwa anthu amamuona ngati wopeza bwino. Manyazi amenewa ndi amene amabala pempho lozungulira, lopanda mutu, ndipo pempho lotero limapha zibwenzi zambiri kuposa ngongole yeniyeniyo.

Choyamba chimachitika munthu asanagwire foni. Atenge pepala, alembe ndalama zimene amalandira akachotsa msonkho ndi ngongole zina zodulidwa kumalipiro, kenako achotsepo lendi, chakudya ndi zoyendera. Chotsalacho ndicho angathe kubweza pamwezi. Mwachitsanzo, mayi wina wogwira ntchito ku unduna akufunika K450,000 ya fizi, ali ndi K270,000, ndiye kuti yaperewera K180,000. Akawerengera bwino wapeza kuti pamwezi angathe kupatula K60,000 popanda ana kugona ndi njala. Pempho lake lapezeka pamenepo: K180,000, yobweza katatu, kumapeto kwa Januwale, Febuluwale ndi Marichi. Zikadapezeka kuti palibe chotsala, ndiye kuti chimene akufuna si ngongole koma thandizo, ndipo ayenera kulitchula choncho. Kutcha thandizo ngongole ndi bodza limene limadzaululika pa tsiku lobweza.

Chachiwiri ndi kuyang'ana makomo ena. Amene ali membala wa SACCO, kapena wa banki m'khonde ya kuofesi kaya kutchalitchi, ayambe wagogoda kumeneko. Amene ali m'chipereganyu angapemphe kusinthana mwezi wolandira ndi mnzake wam'gulumo. Ngakhale akulu a sukulu amatha kuvomera kulandira fizi mwapang'onopang'ono kholo likawafikira msanga. Khomo loyenera kulizemba ndi la katapila, kumene chiwongoladzanja chimatha kufika theka la ndalamayo pamwezi umodzi. Mnzake wopemphedwa ngongoleyo akamva kuti njira zinazi zayesedwa kale, amadziwa kuti sakuonedwa ngati banki yapafupi.

Kenako pamabwera pempho lenilenilo, ndipo apa ndi pamene pamafunika luso. Nkhaniyi siyambidwa pamaliro, paukwati kapena pa gulu, chifukwa munthu sangakane anthu akumva, ndipo akavomera mokakamizika amasunga mkwiyo. Siyambidwanso pa tsiku limene mnzakeyo walandira malipiro, ngati kuti wopemphayo amamuwerengera masiku. Ndi bwino kuimba foni kaye n'kunena kuti pali nkhani ya ndalama yofuna kukambirana, kuti mnzakeyo abwere atakonzeka. Akakhala awiri, mayi uja anganene chonchi: "Achemwali, fizi ya mwana yaperewera K180,000. Ngati mungathe kundikongoza, ndizibweza K60,000 mwezi uliwonse ndikalandira, kumaliza kumapeto kwa Marichi. Ngati simungathe, mundiuze momasuka, sindidandaula. Mukambirane kaye ndi alamu, mundiyankhe Lachisanu."

M'mawu ochepawa muli zonse zofunika: kuchuluka kwa ndalama, ntchito yake, kumene yobweza idzachokere, masiku, ndi mpata wokana. Mpata wokanawu anthu ambiri amauiwala, pomwe ndi umene umateteza chibwenzi. Kutchula alamu nakonso kuli ndi chifukwa. Ngongole yobisira mwamuna kapena mkazi wa wokongozayo ikachedwa, imayatsa moto m'banja la eni ake, ndipo wopempha uja amasanduka mdani wa nyumba yonse. Mawu monga "ndikapeza ndibweza" kapena "zinthu zikayenda ndikuonani" asatuluke n'komwe, chifukwa aliyense mwa awiriwo amawamva mwa njira yake: wina akuganiza za sabata ziwiri, winayo za chaka.

Yankho likakhala lakuti ayi, wopemphayo athokoze, asafunse chifukwa, ndipo Lamlungu likubweralo apereke moni monga mwa masiku onse. Likakhala lakuti "ndingathe K80,000 yokha", alandire mosanyinyirika n'kukonzanso masiku obweza.

Zikatheka, pakhale cholembedwa. Ena amaona ngati kulemba ndi kusakhulupirirana, n'chifukwa chake woyambitsa akhale wokongolayo osati mwini ndalama. Uthenga wachidule wapafoni ndi wokwanira: "Ndalandira K180,000 lero, ndibweza K60,000 katatu, komaliza pa 31 Marichi." Ndalama ikayenda pa Airtel Money, pa Mpamba kapena pa Mo626, pamatsala umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwake. Ndalama yotumizira ndi yotapira ikhale pamutu pa wokongola, kuti mwini ndalama alandire yake yonse yosadukaduka.

Pali chifukwa china chimene ngongole ya pachibwenzi iyenera kukhalira yaifupi. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene adakongoza mnzake K200,000 mu Okutobala 2023 adapereka ndalama yokwana pafupifupi madola 170, koma yomweyo itabwezedwa mu Disembala idali yosafika madola 120. Wokongoza mnzake salipiritsa chiwongoladzanja, choncho mwezi uliwonse wochedwa ndi iye amene amaluza. Wokongola wozindikira zimenezi sadutsitsa miyezi itatu, ndipo akachedwa amaonjezerapo kenakake mwa kufuna kwake.

Nanga tsiku likayandikira ndalama palibe? Zimachitika, malipiro amachedwa, matenda amagwa. Mayi uja aimbe foni tsikulo lisanafike, anene zoona, atumize imene ali nayo ngakhale ndi K25,000, ndipo atchule tsiku latsopano limodzi lokha. Zizindikiro zakuti zinthu zayamba kuonongeka n'zodziwika: wokongola wayamba kusayankha foni, wasintha mpando kutchalitchi, akamuona mnzake kumsika amakhotera kwina. Choipitsitsa ndi kuoneka ndi foni yatsopano kapena kugulira anthu mowa ngongole ili chilili. Mwini ndalama akafika pokumbutsa kachiwiri, ndiye kuti wayamba kudzimva ngati wopemphetsa pa ndalama yake yomwe, ndipo manyazi amenewo sawakhululuka msanga. Zikafika povuta, mkulu wa mpingo kapena mnzawo wa onse awiri akhale pakati nkhani isanapite kubwalo la majisitireti, chifukwa khoti lingathe kubwezetsa ndalama koma anthu otuluka m'menemo kawirikawiri sachezeranso.

Ndondomeko yomweyi imagwira pa pempho lomwe si la ndalama. Wobwereka galimoto kupita kumaliro ku Dedza anene amene aziyendetsa, anthu angati akwere, ndi nthawi yobwerera. Agwirizane asananyamuke za amene alipire tayala likaphulika kapena apolisi apamsewu akalipiritsa chindapusa. Pa nyengo zosowa mafuta, monga kumapeto kwa 2024 pamene magalimoto ankagona pamizere, kubweza ndalama ya mafuta sikukwanira: wobwerekayo akaime yekha pamzere, abweze galimoto yotsuka, mafuta ali pamene anawapeza, ndipo ngati yakalika penapake anene yekha mwini wake asanaone.