Kabati ya Mankhwala Otsukira: Botolo Liti la Kuti?

Mwayamba ntchito ya m'nyumba, ndipo eni ake akutsegulirani kabati ya pansi pa sinki. Muli mabotolo asanu ndi limodzi kapena kuposa. Musayambe ndi kuwanunkhiza. Ambiri mwa mankhwalawa ali m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse lili ndi litsiro lake.

Loyamba ndi sopo: wamadzi wotsukira mbale, wamtanda ndi safu. Ntchito yake ndi kuchotsa mafuta ndi litsiro wamba. Lachiwiri ndi zokwecha, monga vimu ndi sitiwulu, zochotsera zomatirira. Lachitatu ndi jiki, wopha tizilombo ndi kuchotsa nkhungu. Lachinayi ndi mankhwala a asidi: hapiki wa m'chimbudzi ndi viniga, amene amasungunula zoyera zouma zomwe madzi amasiya. Musanatsegule botolo, dzifunseni mafunso awiri: litsiroli ndi lamtundu wanji, nanga lakhala pa chiyani? Mukakayika, yambani ndi madzi ofunda a sopo, chifukwa nthawi zambiri saononga chinthu.

1. Kukhitchini

Mdani wa kuno ndi mafuta, choncho sopo wa mbale ndiye mwini malo. Supuni yaing'ono imodzi m'beseni la madzi ofunda ikwanira mbale, matebulo, zitseko za makabati ndi pamwamba pa kuka. Mukachulutsa, pamatsala chinthu chomata chimene chimakoka fumbi.

Mapoto wamba a aluminiyamu akwecheni ndi sitiwulu monga timachitira kwathu. Koma mukaona poto kapena chiwaya chokhala ndi chikutiro chakuda choterera mkati, sitiwulu ndi vimu zisafike pamenepo. Chikutirocho ndicho chimaletsa mazira kumatirira, ndipo chikakandika sichibwerera. Zakudya zikapsereramo, nyikani m'madzi ofunda a sopo kwa theka la ola, kenako tsukani ndi siponji yofewa.

Sinki yachitsulo chonyezimira imafuna sopo basi. Musagonekemo madzi a jiki usiku wonse, chifukwa amadya chitsulocho n'kusiya timadontho ta dzimbiri. M'filiji pukutani ndi supuni imodzi ya soda wophikira m'lita imodzi ya madzi ofunda. Mankhwala onunkhira amalowerera m'zakudya.

Thabwa lodulirapo nkhuku kapena nsomba litsukeni ndi sopo poyamba, jiki pambuyo pake. Jiki akathiridwa pa mafuta ndi magazi mphamvu yake imathera pa litsirolo, osafika pa tizilombo.

2. Kasungunulidwe ka jiki

Jiki wamba, wolembedwa 3.5% pabotolo, thirani masupuni aakulu awiri m'lita imodzi ya madzi ozizira. Madzi otentha amamufoola n'kutulutsa nthunzi yoyabwa. Pakani, dikirani mphindi khumi, tsukuluzani. Otsala tayani tsiku lomwelo, poti pofika mawa amakhala atasukuluka. Valani magolovesi ndi chovala chakale, pakuti dontho limodzi lokha limasiya banga loyera pa chitenje.

3. Kubafa ndi kuchimbudzi

Hapiki ndi wa mkati mwa mtondo wa chimbudzi mokha. Thirani kuzungulira kunsi kwa mlomo, siyani mphindi khumi, kwechani ndi bulashi yake, gujumulani. Chokhalira, chivundikiro ndi chogujumulira n'zapulasitiki kapena chitsulo, ndiye zipukuteni ndi madzi a sopo, kenako ndi jiki wosungunula uja.

Lamulo losafunika kuliiwala ndi ili: jiki sasakanizidwa ndi mankhwala ena. Akakumana ndi hapiki kapena viniga amatulutsa mpweya wa kolorini, woipa kwambiri m'kachipinda kotseka. Akakumana ndi mankhwala okhala ndi amoniya, monga ena otsukira mawindo, amatulutsanso mpweya wina wapoizoni. Maso akayamba kuwawa, kukhosi kukuyabwa, chifuwa chikubanika, tulukani nthawi yomweyo n'kusiya chitseko chotsegula. Kupuma kukapitirira kuvuta, thamangirani kuchipatala.

Gogodani bafa losambiramo ndi chala. Likalira ngati ndowa yapulasitiki, vimu asaligunde. Ine ndinaphunzira mochedwa. Sabata yanga yoyamba panyumba ina ndinakwecha bafa lotere ndi vimu mpaka thukuta, ndikuti ndionetse khama. Linayera tsiku lomwelo, koma kuwala kwake kunatheratu, ndipo litsiro linayamba kukhala m'timizere tosaoneka timene vimu anasiya. Kuyambira pamenepo linkada pa masiku awiri okha. Sopo wa mbale ndi kansalu zikanakwanira.

Titenge chitsanzo cha shawa ya nyumba yogwiritsa ntchito madzi a pamjigo. Pampopi ndi pagalasi pali zoyera zokhakhala, pomwe m'mizere ya pakati pa matailosi muli zakuda. Awa ndi matenda awiri osiyana. Zoyerazo ndi laimu wa m'madzi, ndipo jiki sazichotsa ngakhale muthire botolo lonse. Sakanizani kapu imodzi ya viniga woyera ndi kapu imodzi ya madzi, nyowetsani kansalu, kulungani mpopi kwa theka la ola, kenako tsukuluzani bwinobwino. Zakudazo ndi nkhungu, ndipo mankhwala ake ndi jiki wosungunula ndi mswachi wakale. Chitani za viniga Lolemba, za jiki Lachiwiri, kuti zisakumane.

Chenjerani ndi miyala yosalala yoyera ya mabo imene ena amaika pa sinki ya kubafa. Viniga, mandimu ndi hapiki zimaidya n'kusiya banga lofiiritsa maso eni nyumba. Ngati simukudziwa mwalawo, funsani.

4. Pabalaza ndi m'zipinda zogona

Kuno litsiro lalikulu ndi fumbi, makamaka mwezi wa Okutobala. Yambani kumwamba, malizani pansi. Matebulo amatabwa opaka vanishi apukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono kofinyidwa bwino, n'kuumitsa pompo. Polishi wa mipando kamodzi pa sabata akwana, ndipo muzipopera pa kansalu, osati pa thabwa.

Galasi la wailesi yakanema kapena kompyuta silifuna mankhwala alionse. Zimitsani, pukutani ndi kansalu kofewa kouma. Mawindo ndi kalilole zimayera ndi mankhwala a mawindo kapena viniga pang'ono m'madzi, koma pewani nthawi imene dzuwa likuomba pagalasi, chifukwa madzi amauma msanga n'kusiya mikwingwirima.

5. Pansi

Matailosi akolopeni ndi madzi okhala ndi kachivundikiro kamodzi ka mankhwala a pansi m'ndowa. Safu amasiya zotuwa komanso poterera. Simenti yofiira ya pakhonde ndiyo imafuna polishi wa pansi: pakani pang'ono pamalo ouma, dikirani aume, kenako kwechani ndi bulashi mpaka pawale. Polishi ameneyu pa matailosi ndi msampha, munthu angathyoke mwendo. Pansi pamatabwa pamadana ndi madzi ambiri. Akalowa m'mizere matabwawo amafufuma m'mbali, choncho chikolopa chikhale chofinyidwa mpaka chosadontha.

6. Nsalu zopukutira ndi kasungidwe

Khalani ndi nsalu zitatu za mitundu yosiyana: ya kukhitchini, ya kuchimbudzi ndi ya fumbi. Ya kuchimbudzi isalowe kukhitchini ngakhale itachapidwa. Mankhwala akhale m'mabotolo awo, pamalo amene ana safika. Jiki wothiridwa m'botolo la chakumwa mwana amamuyesa madzi.

Tsiku loyamba pemphani mayi a pakhomopo kuti muyende nawo chipinda ndi chipinda. Nenani kuti, “Mayi, mundionetseko zimene mumagwiritsa ntchito apa, ndi zimene simufuna kuti ndithirepo.” Botolo lachilendo liyeseni kaye pakona yobisika, monga kuseri kwa chitseko, ndipo mudikire paume musanapake ponse.